Boyi, Usanalipire Gulupu ya VIP, Yamba Waona Izi

Boyi, manje foni iliyonse mu Linda yadzala ndi zithunzi za nambala zabuluu. Mnyamata watsamira Benzi, pansi walemba ati: "Lowa gulupu ya VIP, ukope chabe vamene nichita." Nawenso wayamba kuganiza zotenga ndalama ya chilimba kuti ulembetse. Sindikuletsa, ndalama ni yako. Koma usanatumize olo K1, pali zinthu zisanu zofunika kuyamba waona. Zonse ungazichite mahala, ndi foni, kabuku ndi bopeni.

Tiyambe tamvana kuti siginolo n'chiyani. Ndi uthenga wa pa Telegram kapena WhatsApp wokuuza chogula kapena chogulitsa pa msika wa foleksi, golide kapena kiripito. Umaoneka chonchi, ndipo nambala izi ndi zachitsanzo chabe:

```
XAUUSD BUY 3350
TP 3352
SL 3340
```

XAUUSD ndi mtengo wa golide m'madola. TP ndi pamene utulukira ndi phindu. SL ndi pamene utulukira utaluza, kuti usaluze zambiri. Sunga nambala zitatuzi m'mutu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Choyamba: ukawina udya zingati, ukaluza utaya zingati?

Ba admini amakonda kukamba kuti masiginolo awo amawina 80 peresenti. Tiye tivomere kuti ni zoona, tiwerenge pamodzi.

Tinene kuti waika madola 100 kwa buloka, kampani imene imakutsegulira akaunti yochitira malonda awa. Ukusewera ndi loti yaing'ono ya 0.01. Pa golide, kwa mabuloka ambiri, loti imeneyi itanthauza kuti mtengo ukasuntha dola imodzi, iwenso wapeza kapena wataya dola imodzi. Pa siginolo ija, ukawina upeza madola 2. Ukaluza utaya madola 10.

Mwezi watha, masiginolo anali 20 amtundu womwewo. Wawina 16, wapeza madola 32. Waluza 4 chabe, koma wataya madola 40. Ba admini sananame, ni 80 peresenti ndithu, koma iwe uli pansi ndi madola 8. Kuluza kamodzi kumadya kuwina kasanu.

Sitinathe. Buloka amagulitsa pamtengo wokwera pang'ono kuposa umene amagulira, ngati momwe amachitira a pa byulo mu tauni. Kusiyana kumeneku kumatchedwa sipuredi. Tinene kuti ndi masenti 30 nthawi iliyonse ukalowa. Ka 20, ndi madola 6. Manje uli pansi ndi 14. Ndiye ikapo ya gulupu, tinene madola 25 pamwezi. Wataya madola 39 m'gulupu imene "imawina maningi".

Choncho funso loyamba si lakuti amawina kangati. Yang'ana mtunda wochoka polowera kufika pa TP, uyerekeze ndi mtunda wofika pa SL. Ngati TP ili pafupi ndipo SL ili kutali, kuwina kambiri ni chinyengo cha maso. Ngati SL kulibiretu, kapena akuuza ati "gwililila chabe, izabwela", thawa. Ameneyo akubisa kuluza mpaka tsiku limene akaunti idzapsa yonse.

Chachiwiri: kodi akaunti yako ingakwanitse siginolo imeneyo?

Amene akhalitsa pa malonda awa amalangiza kuti pa kulowa kumodzi usaike pangozi zoposa 1 kapena 2 peresenti ya akaunti. Pa madola 100, ndi dola imodzi kapena awiri. Koma siginolo ija, olo usewere ndi 0.01, ikuika madola 10 pangozi. Ndi 10 peresenti pa kulowa kumodzi. Siginolo imeneyo ndi yaikulu kuposa thumba lako.

Apa m'pamene ambiri amagwera. Munthu akaona kuti akuwina tumadola tiwiritiwiri, pamene ya gulupu ikufuna 25, amakweza loti kufika 0.05 kuti ndalama ibwere msanga. Manje SL imodzi ikudya madola 50. Kuluza kawiri motsatizana, akaunti yatha, ndipo pa masiginolo 20 kuluza kawiri motsatizana si chachilendo. Werenga wekha: pa akaunti ya madola 100, uyenera kupanga 25 peresenti mwezi uliwonse kuti ubweze ya gulupu chabe, usanagule olo bando imodzi.

Chachitatu: kodi udzalowa pamtengo wofanana ndi wawo?

Siginolo ndi ndiwo yosachedwa kusasa. Ikamabwera, iwe uli mu basi pa jamu ya mu Kafue Road, kapena uli pa nchito bwana ali pafupi, kapena malaiti apita ndipo foni yazima. Ukamatsegula pakapita mphindi khumi, golide wachoka pa 3350 wafika pa 3351. Ukalowa pamenepo, phindu lako latsika kufika pa dola imodzi, ndipo ngozi yakwera kufika pa madola 11. Ba admini adzaika chithunzi ati "TP yagunda", koma hafu ya phindulo iwe sunaione.

Bwerera ku sabvu yathu ija. Ngati unachedwa chonchi pa masiginolo 10 mwa 20, wataya madola ena 10. Pa madola 100 aja, watsala ndi 51.

Palinso masiku amene mtengo umalumpha. Lipoti la nchito la ku America, lotchedwa NFP, kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, pa 14:30 kapena 15:30 nthawi ya kuno. Pa mphindi zimenezo sipuredi imakula, ndipo mtengo ungadumphe SL yako n'kukutulutsa pamalo oipa kuposa pamene unalemba.

Chachinayi: mbiri yawo ili kuti, ndipo ndani waitsimikizira?

Chithunzi si umboni. Pa MetaTrader, apu imene ambiri amagwiritsa, munthu angatsegule akaunti ya Demo ya ndalama zoseweretsa, n'kujambula phindu la madola masauzande. Akadula chithunzi bwinobwino, iwe sudzadziwa. Wina amatsegula maakaunti awiri, kwina Buy kwina Sell, n'kukuonetsa imene yawina. Pa Telegram, mwini chanelo angafafanize siginolo imene yaluza popanda kusiya chizindikiro. Akasintha nambala, pamatsala kamawu kakuti edited. Pita m'mbuyo m'chanelo uone kuti kamawu kameneka kali pa masiginolo angati.

Izi si nthano. Ku South Africa, Mirror Trading International ya Johann Steynberg inkaonetsa mamembala phindu pafupifupi tsiku lililonse, ati loboti ikuwachitira malonda a foleksi ndi bitikoini yawo. Bungwe loyang'anira zachuma kumeneko, FSCA, linachenjeza anthu mu Ogasiti 2020, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho kampani inagwa. Nambala zinali pa sikirini, ndalama kunalibe.

Ndiye pempha chimodzi mwa ziwiri izi. Pempha linki ya Myfxbook yoonetsa akaunti ya Real, yotsimikizidwa, ya miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Pamenepo yang'ana mzere wa Drawdown, umene uonetsa kuti akaunti inagwapo kufika pati. Kapena pempha investor password, imene imakulola kuona mbiri ya akaunti popanda kukhudza ndalama. Munthu wa mbiri yoona saopa kuonetsa. Akakuyankha ati "ulibe maindiseti ya bolemela", wayankha kale.

Koma umboni wabwino koposa ndi kabuku kako. Magulupu ambiri ali ndi chanelo ya mahala. Tsegula Demo, uike ndalama yofanana ndi imene ukufuna kuikadi, osati madola 10,000 amene amabwera okha. Tsatira masiginolo 30 osalumpha olo imodzi. Pa iliyonse lemba nthawi imene unaiona, mtengo umene unalowera, ndi zimene zinatuluka. Pomaliza chotsa ya gulupu. Nambala yotsalayo ndiyo yankho lako.

Chachisanu: ba admini amadya kuti?

Dzifunse, ngati munthu amawina tsiku lililonse, akufuniranji K500 yako? Nthawi zambiri ndalama yake imachoka kuwiri: malipiro a mamembala, ndi komishoni ya kwa buloka. Ukamva ati "VIP ni ya mahala, koma utsegule akaunti na linki yanga," dziwa kuti buloka amamulipira ukaika ndalama, kapena pa loti iliyonse imene wasewera. Uwine, uluze, iye wadya. Ndiye chifukwa chake masiginolo amakhala khumi patsiku, ndipo amakunyengerera kukweza loti. Mufunse poyera ngati amalandira komishoni.

Funsanso za laisensi. Setifiketi ya PACRA ingoonetsa kuti dzina la kampani linalembetsedwa, si chilolezo chosunga ndalama za anthu. Pansi pa lamulo la Securities Act la 2016, alangizi a zoika ndalama pa msika amatenga laisensi ku Securities and Exchange Commission. Wina akakuuza kuti ndi wovomerezeka, funsa a SEC eni ake, osakhulupirira chithunzi cha pepala. Ngati masiginolo ndi a kiripito, kumbuka kuti Bank of Zambia inalengeza mu 2018 kuti kiripito si ndalama yovomerezeka ndi lamulo muno, ndipo wochita nayo malonda ngozi ndi yake.

Buloka nayenso mufufuze. Akati ali ndi laisensi ya FCA ya ku Britain kapena FSCA ya ku South Africa, tenga nambala uisake pa webusaiti ya bungwelo. Onanso dzina la kampani limene lili pa mgwirizano wako, chifukwa buloka mmodzi angakhale ndi nthambi ina yolembetsedwa pa zilumba zakutali, ndipo makasitomala a kuno kawirikawiri amaponyedwa kumeneko. Pansi pa webusaiti ya mabuloka a ku Ulaya pamalembedwa chiwerengero cha makasitomala amene amaluza. Mu 2018 bungwe la ESMA linapeza kuti pa maakaunti 100 a anthu wamba ochita malonda otere, pakati pa 74 ndi 89 ankataya ndalama.

Pali mzere umodzi wosayenera kuwoloka. Ba admini akati tumiza ndalama pa nambala yawo ya Airtel Money kapena MoMo kuti akuseweretsere akaunti, kapena akapempha pasiwedi yako yaikulu, nkhani ya masiginolo yatha, yatsala ya kubedwa. Chimodzimodzi akati ulipire "msonkho" kuti utulutse phindu lako. Olo kwa buloka weniweni, yamba waika pang'ono, uyese kutulutsa, uone ngati ifika pa foni yako.

Ngati gulupu yapambana zonse zisanu, ndipo kabuku kako pambuyo pa masiginolo 30 kakuonetsa phindu ya gulupu itachotsedwa, ungayese ndi ndalama imene ikapita sudzagona ndi njala. Isakhale ya lendi, ya sukulu ya mwana, ya chilimba kapena ya kaloba. Wa kaloba safunsa ngati SL inagunda, boyi. Kumapeto kwa mwezi amabwera kudzanyamula TV.