Zinthu 5 zodabwitsa zimene zimatsalira mukasiya seva ya pa kilaudi

Pulojekiti ikatha, ambiri amazimitsa seva n'kumaganiza kuti nkhani yathera pompo. Koma pa AWS, seva, disiki, adiresi ndi baketi yosungira mafayilo zimalipitsidwa chilichonse pachokha, ndipo kuchotsa chimodzi sikuchotsa chinzake. Bilu yake imabwera m'madola, ndalama zovuta kupeza kuno kwathu.

1. Seva yozimitsa imadyabe ndalama. Mukadina `Stop instance` pa EC2, mumasiya kulipira maola a seva, koma disiki yake imakhalapobe ndipo imalipitsidwa malinga ndi kukula kwake, kaya muli zinthu kaya mulibe. Zili ngati kuzimitsa magetsi m'nyumba ya lendi: mwininyumba abwerabe kumapeto kwa mwezi. M'chigawo cha `us-east-1`, disiki ya `gp3` ndi masenti 8 pa gigabaiti pamwezi. Disiki ya magigabaiti 500 ndiye kuti ikudya madola 40 pamwezi, madola 480 pachaka, popanda aliyense woigwiritsa ntchito.

2. Ngakhale seva mutaifafaniziratu, madisiki ena amatsala. Mukadina `Terminate`, disiki imene seva imayambira nthawi zambiri imapita nayo limodzi. Koma madisiki amene munalumikiza pambuyo pake amatsala, pokhapokha ngati munatchera `DeleteOnTermination`. Amakhala olembedwa kuti `available`, ndipo mungawapeze motere:

```
aws ec2 describe-volumes --filters Name=status,Values=available
```

Lamuloli limayang'ana chigawo chimodzi chokha, choncho libwerezeni chigawo ndi chigawo powonjezera `--region`. Disiki yoiwalika ku `eu-west-1` sioneka mukamafufuza ku `af-south-1`. Musanafufute, onani zimene zili mkati, chifukwa disiki ikafufutidwa sibwerera. Zokopera zake za pa `Snapshots` nazonso zimalipitsidwa pazokha.

3. Adiresi yongokhala imalipitsidwa pa ola. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024, AWS imalipitsa theka la senti pa ola pa adiresi iliyonse ya IPv4 yoonekera pa intaneti, kaya ikugwira ntchito kaya ayi. Zimenezi zimakwana madola 43.80 pachaka pa adiresi imodzi. `Elastic IP` sichoka seva ikafafanizidwa, imadikira kuti muibweze nokha podina `Release`. Musanatero, chotsani dzina lililonse la DNS loloza ku adiresiyo, chifukwa ikabwerera ku AWS ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, ndipo alendo a pa dzina lanu azikafikira kwa iyeyo.

4. Baketi yooneka yopanda kanthu ikhoza kukhala yodzadza. Ngati `Versioning` ndi yoyatsa pa baketi ya S3, kufufuta fayilo sikuichotsa. S3 imangoikapo chizindikiro chakuti yafufutidwa, pamene fayilo yeniyeniyo ndi makope ake onse akale ali pansi, akulipitsidwa ndithu. Aliyense amene ali ndi chilolezo chowerenga makope akale akhozabe kutsegula zinsinsi zimene inu mumayesa kuti zinapita kalekale. N'chifukwa chake lamulo la `aws s3 rb --force` limakanika pa baketi yotere, n'kunena kuti `BucketNotEmpty`. Dinani `Show versions` kuti muone zobisikazo, kenako gwiritsani ntchito `Empty`. Ngati mafayilo ndi ochuluka kwambiri, ikani lamulo la `Lifecycle` lochotsa makope akale komanso zidutswa za mafayilo amene sanamalize kukwezedwa, zomwenso sizioneka pamndandanda.

5. Kufufuta baketi kukhoza kutsegulira akuba khomo. Baketi ikafufutidwa, dzina lake limamasuka ndipo wina akhoza kulitenga. Mu Febuluwale 2025, akatswiri a zachitetezo a kampani ya watchTowr anaulula kuti analembetsa maina pafupifupi 150 a mabaketi osiyidwa. M'miyezi iwiri, mabaketiwo analandira mapempho opitirira 8 miliyoni kuchokera ku makompyuta amene ankafunabe mapulogalamu ndi mafayilo akale, ena mwa iwo a maboma ndi a mabanki. Akanakhala wakuba, akanangoikamo pulogalamu yoipa n'kudikira kuti makompyutawo aikoke okha. Choncho ngati dzina la baketi linalembedwapo m'pulogalamu imene munagawira anthu, musaifufute. Chotsani zonse za mkati, yatsani `Block Public Access`, dzinalo mulisunge. Baketi yopanda kanthu ilibe mtengo wosungira.

Ndondomeko yabwino ndi iyi: yambani ndi kuchotsa maina a DNS, sungani zofunika kwina, fafanizani seva, kenako madisiki, zokopera ndi maadiresi, n'kumalizira ndi baketi. Pakapita masiku awiri tsegulani `Cost Explorer`, musanje bilu potengera chigawo. Chigawo chilichonse chimene chikuonetsabe ndalama, dziwani kuti muli chinthu chimene simunachotse.