Ndalama zikapita pa nambala yolakwika: zoti mulembere ejenti

Nambala za foni kuno kwathu zili ndi manambala khumi, ndipo ikangosokonekera imodzi yokha ndalama zimapita kwa munthu amene simunamuonepo. Zoterezi zikachitika, ambiri amathamangira kwa ejenti wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba amene amamudziwa. Ngati ali kutali amamulembera uthenga wa mawu ochepa akuti, “Ndalama zija zapita kolakwika, pangani livesi.” Uthenga wotere umaonetsa kuti mtima uli m'mwamba, koma ejenti alibe poyambira, ndipo nthawi imene akufunsa kuti “ziti?” ndi yomwe wolandira uja akuyenda kupita kokatapa.

Choyamba kudziwa n'chakuti ejenti alibe mphamvu yolowa mu akaunti ya munthu wina n'kuchotsamo ndalama. Iye amagwira ntchito ndi floti, ndiye kuti ndalama zimene anaziikiratu pa laini yake ya bizinesi. Mukamupatsa K50,000 ya pamanja kuti aike pa nambala inayake, floti yake imatsika ndi K50,000 ndipo akaunti ya wolandira imakwera ndi ndalama yomweyo. Zikafika kumeneko zatuluka m'manja mwake. Amene angathe kuziimitsa kuti zisatapidwe, kenako n'kuzibweza, ndi kampani yokha. Choncho uthenga wanu, ngakhale mukulembera ejenti, kwenikweni ndi wakuti iye akauwerenge kwa a kukampani popanda kubwereranso kwa inu kudzafunsa.

Apa pali funso limene ambiri salilabadira: ndalamazo zachokera pa foni ya ndani? Ngati munatumiza nokha kudzera pa *211# kapena *444#, mwini dandaulo ndinu. Kampani idzafuna kulankhula ndi mwini nambala imene yatumiza, ndipo idzamufunsa mafunso otsimikizira kuti ndi iyeyo. Pamenepa ejenti angokulangizani chabe, ndiye imbirani nokha ku nambala yothandizira makasitomala musanalembere wina aliyense. Koma ngati munapereka ndalama kwa ejenti ndipo iye ndiye anatumiza kuchokera pa laini yake, umboni wonse uli pa foni yake ndi m'kaundula wake. Inu mukaimba nokha, a kukampani aona kuti nambala yanu sikupezeka pa nkhaniyo. Apa ndi pamene uthenga wopita kwa ejenti umakhala njira yanu yeniyeni.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba pa msika wa Limbe. M'mawa wapatsa ejenti K85,000 kuti aike pa nambala ya msodzi wa ku Mangochi yothera ndi 47, koma pa kapepala analemba 74. Masana msodzi waimba kuti sanalandire kanthu. Mayiyo sangasiye nsomba pa benchi, ndiye alembe motere:

“Achimwene, pepani ndakuvutitsani. Ndine mayi wa nsomba amene ndinakupatsani K85,000 lero Lachiwiri cha m'ma 9:20 m'mawa. Ndalamazo zapita pa nambala yothera ndi 74, pomwe zimayenera kupita pa yothera ndi 47. Nambala zonse ziwiri ndazilemba zathunthu m'munsimu. Ndinalakwitsa ndine polemba. Chonde imbirani kukampani tsopano lino kuti aziimitse zisanatapidwe ndipo azibweze. Trans ID ili pa uthenga umene unabwera pa foni yanu. Akakupatsani nambala ya dandaulo munditumizire. Ndifika ndi chiphaso changa cha unzika ikamakwana 2 koloko.”

Chilichonse mu uthengawu chili ndi ntchito yake. Ejenti wa pamsika amathandiza anthu ambirimbiri pa tsiku, ndipo ena amaika ndalama zofanana ndendende, choncho kuchuluka kwa ndalama pakokha sikokwanira. Nthawi ndiyo imamuthandiza kupeza mzere woyenera m'kaundula ndi m'mauthenga a pa foni yake. Nambala ziwirizo, zikaikidwa pamodzi, zimaonetsa kuti kunalidi kuphonya kwa dzanja, osati kuti munthu wagula katundu kenako akufuna ndalama zake zibwerere mwachinyengo. Kampani imayang'anitsitsa zimenezi chifukwa nayenso wolandira ndi kasitomala wake, ndipo kawirikawiri imayamba yamufunsa isanabweze.

Chofunika koposa zonse ndi nambala ya umboni ija, imene pa uthenga wotsimikizira imalembedwa kuti Trans ID kapena ID. Ndi mndandanda wa malemba ndi manambala umene supatsidwa kawiri, ndipo ndi umene a kukampani amafufuzira. Ngati uthengawo uli pa foni yanu, musaukopere pamanja, chifukwa 0 ndi O kapena 1 ndi I zimasokoneza maso. Utumizeni wonse mmene ulili, kapena ujambuleni. Ndipo musaufufute mpaka nkhani itatha.

Mawu akuti “ndinalakwitsa ndine” ena amawaopa, poganiza kuti akavomera ndiye kuti ndalama zapita. Ine ndikuona kuti kunena zoona kumafulumizitsa zinthu. Ejenti amene wayamba ndi kunyozedwa amataya mphindi zofunika podziteteza. Ngati amene anaphonya potaipa ndi iye, nenaninso momwemo mwaulemu, ndipo sungani kapepala kamene munalembapo nambala yolondola, chifukwa ndiko kadzakuimirani pa kukambirana za amene asenze chitayikocho.

Pini yanu isalowe mu uthengawu ngakhale pang'ono. Kubweza ndalama sikufuna kuti muuze munthu pini, kaya ndi ejenti kaya ndi wina woimba foni n'kumati ndi wa kukampani. Akuba amadziwa kuti munthu amene wataya ndalama amavomera chilichonse, ndipo akamva za vuto lanu amaimba ngati ofuna kuthandiza.

Akuba omwewa ndi amene anaononga njira yachidule, yongoimbira wolandirayo n'kumupempha. Amalawi ambiri analandirapo mauthenga abodza onena kuti “ndatumiza ndalama molakwika, mundibwezere,” pomwe palibe chimene chalowa. Choncho munthu wachilungamo akhoza kukudulirani foni poganiza kuti ndinu mbava, ndipo sitingamunene. Wosakhulupirika naye, foni yanu imamudziwitsa kuti athamange akatape. N'chifukwa chake ndi bwino kuti kampani idziwe kaye, wolandirayo aimbiridwe pambuyo. Mukamuimbira, muuzeni kuti aone yekha balansi yake, ndipo kuti a kukampani amuimbira.

Pali malire amene uthenga ngakhale wolembedwa bwino chotani sungawadutse. Kampani imaimitsa zimene zikadali mu akaunti. Ngati wolandira watapa K60,000 pa K85,000 ija, zogwirika ndi K25,000 yotsalayo, ndipo zinazo zimadalira kuti iye avomere kubweza kapena kuti nkhani ipite kupolisi. Kumeneko adzafuna zomwe zija: Trans ID, tsiku, nthawi ndi nambala zonse ziwiri. Ngati ndalama zinadutsa kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina, makampani awiri ayenera kulumikizana, ndiye yembekezerani kuti zitenga nthawi yotalikirapo.

Nambala ya dandaulo imene mayi uja anapempha ndi imene imasonyeza kuti ejenti waimbadi. Akangoyankha kuti “tikuona” koma osakupatsani nambalayo, pitani nokha ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso chanu, uthenga umene munalembera ejenti ndi nambala ya ejentiyo imene imapachikidwa pa kauntala pake. Kampani ikapanda kukuthandizani, dandaulo lingapite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pa foni m'dziko muno, ndipo nakonso adzayamba ndi kufunsa nambala ya dandaulo imene kampani inakupatsani.