Wasiya fodya, bwanji akutsokomolabe?

Tiyerekeze bambo wa zaka 45 amene wakhala akusuta ndudu 10 pa tsiku kwa zaka 20, ndipo madzulo amapapira kachasu. Atalowa kalasi ya ubatizo, akusiya zonse ziwiri. Patatha sabata imodzi akudabwa: chifuwa chawonjezeka, makhololo achuluka, pakhosi pakuyabwa kuposa kale. Anzake akumuuza kuti, "Thupi lako linazolowera, sutako imodzi pakhosi pafewe." Ambiri amabwerera ku fodya pa nthawi imeneyi chifukwa chosadziwa zimene zikuchitika m'thupi mwawo.

M'njira ya mpweya, kutsika kuchokera pa kholingo mpaka m'mapapo, muli khungu lofewa lokutidwa ndi mamina opyapyala. Pakhungulo pali tiubweya tosaoneka ndi maso timene timagwedezeka usana ndi usiku, kukankhira fumbi ndi tizilombo kumtunda ngati tsache. Utsi wa fodya, wa ndudu kapena wa chingambwe, umafooketsa tiubweyati ndi kupha tina. Mu utsiwo muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Pofuna kudziteteza, thupi limapanga mamina ambiri, koma tsache lowachotsa lafa. Mamina aja amangokhala, n'chifukwa chake wosuta amakhalira kukonza pakhosi, makamaka m'mawa. Utsi wotenthawo umatupitsanso minofu iwiri ya m'kholingo imene imatulutsa mawu. Minofuyo ikatupa imalemera, ndipo mawu amasasa.

Mowa umavulaza m'njira ina. Umapsereza khungu la kummero podutsa, makamaka mowa waukali ngati kachasu, komanso umakodzetsa kwambiri mwakuti thupi ndi pakhosi pomwe zimauma. Choipa kwambiri n'chakuti umafooketsa mnofu umene umatseka khomo la chifu. Munthu akagona ataledzera, asidi wa m'chifu amakwera mpaka kukafika pa kholingo, pamene palibe chitetezo ku asidi. Ena samva n'komwe chilungulira. Amangodzuka mawu atasasa, m'kamwa mukuwawasa, akumva ngati pakhosi pakakamira chinthu. Ziwirizi zikakumana zimathandizana, pakuti mowa umachititsa kuti poizoni wa mu utsi alowerere mosavuta m'khungu la pakhosi. Ngozi ya khansa ya m'kamwa, kummero ndi kholingo imakula kwambiri kwa wochita zonse ziwiri kuposa wochita chimodzi.

Tibwerere kwa bambo uja. M'masiku oyamba atasiya, amayamba kumva bwino fungo ndi kukoma kwa chakudya. Kenako tiubweya tija timadzuka ndi kuyamba kusesa zinyalala za zaka zambiri. Kutsokomola kochuluka kwa m'masabata oyamba ndi ntchito ya tsache limeneli, osati matenda atsopano. Ndudu imodzi ija ingachepetsedi chifuwacho, koma pofooketsanso tsachelo. Kwa ambiri, chifuwa ndi phuma zimachepa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9. Ngozi ya khansa imatsika pang'onopang'ono: pamatenga zaka 5 mpaka 10 kuti ya m'kamwa, kummero ndi kholingo itsike ndi theka.

Pa nthawi yochirayi, madzi ndiwo mankhwala oyamba, chifukwa amasungunula makhololo kuti atuluke mosavuta. Kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda a m'kapu imodzi, othira theka la supuni yaing'ono ya mchere, kumachepetsa kuyabwa. Adye chakudya chamadzulo maola 3 asanagone, ndipo akweze kumutu kwa bedi kuti asidi asakwere. M'malo mokonza pakhosi mwamphamvu, zimene zimagundanitsa minofu ya mawu, amweko madzi pang'ono. Apewenso utsi wa nkhuni m'khitchini yotsekeka.

Komabe si zonse zimene zimatha zokha. Kutupa kwa minofu ya mawu kukakhalitsa zaka zambiri, mawu sangabwerere mwakale popanda opaleshoni. Mawu akasasa kupitirira masabata 3, kapena munthu akamavutika kumeza, akamalavula magazi, akamva chotupa m'khosi, akamamva khutu limodzi kupweteka kosaleka, kapena akamaonda popanda chifukwa, apite kuchipatala msanga. Chifuwa cha masabata awiri, makamaka chobwera ndi thukuta la usiku ndi kutentha thupi, chimafuna kuyezetsa makhololo, pakuti chifuwa chachikulu chikhoza kubisala kumbuyo kwa "chifuwa cha fodya".

Chenjezo lina ndi la amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku. Kusiya fodya mwadzidzidzi kumasautsa koma sikupha. Kusiya mowa mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kukomoka m'masiku atatu oyamba. Wotere asiye mothandizidwa ndi achipatala. Ndipo m'bale wongosiya kumene akamatsokomola pa benchi lakumbuyo Sabata m'mawa, tisamuyang'ane cham'mbali ngati wabwerera ku fodya. Timupatse madzi, timufunse kuti chifuwacho chatenga masabata angati.