Chiuno cha kuwala kwa leza

Mukalozetsa leza yofiira pakhoma usiku, kadontho kake kamawala kwambiri pakati, n'kumazilala pang'onopang'ono cha m'mbali. Mutajambula papepala mmene mphamvuyo ikutsikira, chithunzicho chingafanane ndi belu, ndipo akatswiri amachitchula ndi dzina la Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany. Popeza kadonthoka kalibe malire enieni, anagwirizana kuti m'mphepete mwake ndi pamene kuwala kwatsala 13.5 peresenti ya kwa pakati.

Ambirife timaganiza kuti leza imayenda ngati ulusi wokungika, koma ayi ndithu. Ili ndi malo amodzi pamene yaning'a kwambiri, otchedwa chiuno, ndipo ikachoka pamenepo imayamba kutambasuka. Chifukwa chake n'chakuti kuwala ndi mafunde. Onani mafunde a panyanja akadutsa pampata wa miyala iwiri: mpatawo ukachepa, m'pamene amamwazika kwambiri kutsidya. Lamulo lake ndi θ = λ / (π w₀). Apa θ ndi kutambasukako, λ ndi kutalika kwa funde limodzi, pomwe w₀ ndi mtunda wochoka pakati pa chiuno kufika m'mphepete.

Titenge leza ya mpweya wa heliyamu ndi niyoni, yomwe funde lake ndi mamilimita 0.000633, chiuno chake n'kukhala milimita 1 m'mimba mwake. Pa mita yoyamba simungaone kusintha kwenikweni. Koma ikayenda mamita 100, kadontho kaja kamafika masentimita 8, ngati kukamwa kwa kapu ya tiyi.

Tsopano ikani patsogolo pake lenzi imene imasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mamilimita 50. Lenziyo imapanga chiuno chatsopano cha mamilimita 0.04 m'mimba mwake, chochepa kuposa tsitsi la anthu ambiri. Chimene chimandisangalatsa ine chili apa. Mukafuna kadontho kochepa kuposa pamenepa, musachepetse kuwala kolowa m'lenzi, mukukulitse! Kukalowa kotambalala mamilimita 10, kadonthoko kamatsika kufika pa mamilimita 0.004, chifukwa kuwala kochokera m'mbali zotalikirana kumakumana mopendekeka kwambiri.

Komatu pali malipiro ake. Kadontho koyamba kaja kamakhalabe kakang'ono ngakhale mutasuntha chinthu chanu ndi mamilimita 2 kutsogolo kapena kumbuyo. Kachiwirika kamayamba kufufuma mukangosuntha ndi mamilimita 0.02. N'chifukwa chake odula zitsulo zochindikala ndi leza amakonda lenzi yosonkhanitsira kuwala patali, kuti mpeni wawowo ukhale wakuthwa kuyambira pamwamba mpaka pansi pa chitsulo.

Lenzi nayo ili ndi polekezera. Yamba wamba ikadzazidwa kuwala mpaka m'mphepete, kwa m'mbali kumakumana pafupi kusiyana ndi kwa pakati. Mumazindikira vutoli mukaona kadontho kakukana kuchepa monga masamu anenera, katazunguliridwa ndi kachifunga. Poyesa zimenezi, yang'anani papepala kapena pa kamera, osalola kuwalako kulowa m'diso, pakuti diso lili ndi lenzi yakeyake imene imakusonkhanitsa chimodzimodzi.