Delita ya opushoni ndi mmene wogulitsa amadzitchinjirizira pogula masheya

Opushoni ndi pangano lopatsa munthu ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pa mtengo woikidwiratu, tsiku lina loikika lisanadutse. Ufuluwu saupeza waulere. Amaulipira ndalama yotchedwa pulimiyamu, ndipo amene walandira ndalamayo ndiye amasenza udindo. Wogula opushoni akhoza kugwiritsa ntchito ufulu wake kapena kungousiya, koma wogulitsa alibe chisankho: mnzakeyo akafuna, iye ayenera kukwaniritsa pangano. Maopushoni alipo amitundu iwiri, yogulira masheya ndi yogulitsira masheya. Pa misika ya ku America, monga Chicago Board Options Exchange yomwe inatsegulidwa mu 1973, kontirakiti imodzi kawirikawiri imaimira masheya 100.

Chiopsezo chachikulu chili kwa amene wagulitsa opushoni yogulira masheya iye alibe masheyawo. Phindu lake silingapose pulimiyamu imene walandira, pamene kuluza kwake kulibe malire, chifukwa mtengo wa sheya ukhoza kukwera mpaka pena paliponse ndipo iye adzayenera kugula modula n'kupereka motchipa. Mabanki ndi amalonda amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kugulitsa maopushoni sakhala pansi n'kumayembekezera mwayi. Amagula masheya ena ake kuti zimene aluza pa opushoni azibweze pa masheyawo. Nambala imene imawauza kuchuluka kwa masheya ofunika kugula ndiyo delita.

Delita imasonyeza mmene mtengo wa opushoni umasinthira mtengo wa sheya ukasintha pang'ono. Ngati delita ili 0.52, sheya ikakwera ndi dola imodzi opushoni imakwera ndi masenti pafupifupi 52. Pa opushoni yogulira masheya, delita imakhala pakati pa 0 ndi 1. Mtengo wa pamsika ukakhala pansi kwambiri poyerekeza ndi mtengo wapangano, opushoniyo imakhala ngati yopanda ntchito, sigwedezeka kwenikweni, ndipo delita yake imayandikira 0. Mtengo wa pamsika ukaposa kwambiri wapangano, zimakhala zodziwikiratu kuti mwini opushoni adzagula masheyawo, choncho opushoni imayenda limodzi ndi sheya dola kwa dola ndipo delita imayandikira 1. Mitengo iwiriyi ikafanana, delita imakhala cha pa theka. Nambalayi imawerengedwa kuchokera ku masamu a mitengo ya maopushoni, ndipo odziwika kwambiri ndi amene Fischer Black ndi Myron Scholes anafalitsa mu 1973, omwe Robert Merton anawakulitsa chaka chomwecho. Scholes ndi Merton analandira mphoto ya Nobel mu 1997, Black atamwalira kale mu 1995. Phata la ntchito yawo linali ganizo lomweli, loti mtengo woyenera wa opushoni ndi ndalama imene wogulitsa angawononge podzitchinjiriza ndi masheya mpaka pangano litatha.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuonetsa mmene zimayendera. Sheya ya kampani ina ikugulitsidwa pa $50. Wamalonda wagulitsa makontirakiti 10 a opushoni yogulira, kutanthauza masheya 1,000, pa mtengo wapangano wa $50, ndipo pangano litha pakapita miyezi itatu. Msika ukuyembekezera kuti mtengo wa sheyayi uzigwedezeka ndi 20 peresenti pachaka, ndipo pofuna kufupikitsa masamu chiwongoladzanja chasiyidwa pambali. Masamu a Black ndi Scholes amapereka mtengo wa pafupifupi $2 pa sheya iliyonse ndi delita ya 0.52. Wamalondayo walandira $2,000.

Kuwerengera masheya ofunika n'kosavuta: delita kuchulukitsa ndi masheya onse a m'pangano. Apa ndi 0.52 × 1,000, zomwe zikupereka masheya 520. Amawagula pa $50 iliyonse, ndalama zokwana $26,000, zomwe nthawi zambiri zimakhala zangongole. Tsopano delita ya maopushoni amene wagulitsa ndi −520, ya masheya ake ndi +520, ndipo pamodzi zikupereka 0. Mtengo ukasuntha ndi masenti ochepa mbali iliyonse, mbali ziwirizi zimafafanizana.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chake osangogula masheya onse 1,000 n'kugona tulo. Imeneyo ndi njira ina yodziwika, koma imangoteteza mbali imodzi. Mtengo ukatsika kufika pa $40, wamalondayo aluza $10,000 pa masheya ndipo chomutonthoza ndi $2,000 yokha ija. Kugula motsatira delita cholinga chake n'choti asadalire kukwera kapena kutsika kwa mtengo.

Vuto n'lakuti delita sikhala malo amodzi. Sheya ija ikakwera kufika pa $51, opushoni imakwera ndi masenti 56, osati 52, chifukwa delita nayo imakwera m'njira mpaka kufika pa 0.60. Wamalondayo waluza $560 pa maopushoni, wapindula $520 pa masheya, ndiye kuti $40 yapita. Sheya ikanatsika kufika pa $49, opushoni ikanatsika ndi masenti 48 okha. Akanapindula $480 pa maopushoni n'kuluza $520 pa masheya, ndipo $40 ikanapitabe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: wogulitsa opushoni amene wadzitchinjiriza amaluza pang'ono nthawi iliyonse mtengo ukasuntha, kaya wakwera kaya watsika. Liwiro limene delita imasinthira limatchedwa gama, ndipo m'chitsanzochi ndi 0.08 pa dola iliyonse.

Popeza delita yasintha, masheya nawo ayenera kusintha. Pa $51 pakufunika masheya 600, choncho wamalondayo amagula ena 80 pa $51. Tsiku lotsatira mtengo ukabwerera pa $50, delita imabwereranso pa 0.52 ndipo masheya 80 aja amawagulitsa pa $50. Mtengo wabwerera pomwe unayambira, koma iye wataya $80. Ntchitoyi imamukakamiza kugula zinthu zitakwera ndi kugulitsa zitatsika, zosemphana ndi nzeru ya wamalonda aliyense wa pamsika, ndipo palibe luso limene lingamuchotsere zimenezi.

Malipiro ake ndi nthawi. Tsiku lililonse likadutsa, opushoni imatsika mtengo chifukwa mpata woti sheya isunthe kwambiri ukuchepa, ndipo kutsikako ndi phindu kwa amene anaigulitsa. M'chitsanzochi, kumayambiriro, phinduli ndi pafupifupi $16 pa tsiku lililonse la malonda. Kuluza kobwera ndi gama kumakula mofulumira kuposa kusuntha kwa mtengo: kusuntha kwa dola imodzi kumadya $40, kwa madola awiri kumadya pafupifupi $160, pamene kwa theka la dola kumadya $10 yokha. Mbali ziwirizi zimafanana mtengo ukasuntha ndi masenti 63 patsiku, ndipo nambala imeneyi ndi 20 peresenti ija ya mtengo wa $50 ikagawidwa ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha masiku a malonda a pachaka. Sheya ikamasuntha mochepera apo, wamalonda amatsala ndi gawo la $2,000 ija pomaliza. Ikamasuntha kwambiri, ndalama yodzitchinjirizira imaposa imene analandira. Choncho kudzitchinjiriza ndi delita sikuthetsa chiopsezo chonse. Kumachotsa kubetcha pa mbali imene mtengo ulowere n'kusiya kubetcha pa kukula kwa kugwedezeka kwake. Wamalonda amadziwa kuti anagulitsa motchipa akaona kuti, sabata ndi sabata, zimene akutaya posintha masheya zikuposa zimene nthawi ikumubwezera.

Tsiku lomaliza likamayandikira, delita imathamangira ku 1 kapena ku 0. Sheya ikakhala kuti yakwera bwino, wamalonda amakhala atagula pang'onopang'ono mpaka masheya 1,000, ndipo amangowapereka pa $50 iliyonse. Ikakhala kuti yatsika, amakhala atagulitsa onse ndipo opushoni imafa yokha. Chovuta ndi pamene mtengo ukuzungulira pa $50 pomwepo. Kutatsala tsiku limodzi, delita ili cha pa 0.79 sheya ikakhala pa $50.50 ndi cha pa 0.21 ikakhala pa $49.50. Kusiyana kwa dola imodzi kukufuna kugula kapena kugulitsa masheya pafupifupi 580, pamene miyezi itatu yapitayo kunkafuna 80 okha.

Amene wagulitsa opushoni yogulitsira masheya amachita zomwezi motembenuza. Delita ya opushoni yotere imakhala pakati pa −1 ndi 0, ndipo m'chitsanzo chomwechi ndi −0.48. Iye amaluza mtengo ukatsika, choncho amabwereka masheya 480 n'kuwagulitsa, kuti adzawagule motchipa mtengo ukagwa. Mtengo ukapitiriza kutsika amagulitsa ena owonjezera, ukakwera amagula n'kubweza. Kubwereka masheya kuli ndi mtengo wake, ndipo masheya ena sapezeka obwereka.

Masamu a Black ndi Scholes amayerekeza kuti mtengo umasuntha pang'onopang'ono popanda kudumpha, ndiponso kuti munthu angagule ndi kugulitsa nthawi iliyonse popanda kulipira kanthu. Msika weniweni sutero. Kugula ndi kugulitsa kulikonse kumadya ndalama, ndiye chifukwa chake ambiri amasintha masheya kamodzi patsiku kapena pokhapokha delita itadutsa malire amene adziikira. Kusintha pafupipafupi kumachulukitsa zolipira, kusintha mwa apo ndi apo kumasiya mpata waukulu wongozi. Komanso delita yeniyeniyo imadalira kugwedezeka kumene munthu wayerekeza, kotero akalakwitsa pamenepo amagula masheya ochuluka kapena ochepa.

Choopsa kuposa zonse ndi kudumpha kwa mtengo msika utatsekedwa. Kampani ija ikalengeza phindu lalikulu madzulo ndipo m'mawa sheya n'kutsegulira pa $56, palibe mpata wogula pa $51, $52 kapena $53. Opushoni imafika pa $6.35, wamalonda amaluza $4,350 pa maopushoni ndi kupindula $3,120 pa masheya 520 aja. Watsala ndi chibowo cha $1,230 usiku umodzi, kuposa theka la pulimiyamu yonse, ngakhale kuti akanakhala wopanda masheya akanaluza $4,350 yonseyo. Zofanana ndi izi zinaoneka pa 19 Okutobala 1987, tsiku limene mlingo wa Dow Jones unagwa ndi 22.6 peresenti. Mabungwe ambiri ankateteza chuma chawo pogulitsa mitengo ikamatsika, motsatira masamu a delita, ndipo atathamangira kugulitsa nthawi imodzi ogula anasowa, mitengo inadumpha, kugulitsa kwawoko n'kukulitsa kugwako. Masheya okha sangatseke mpata umenewu, chifukwa delita ya sheya ndi 1 nthawi zonse ndipo ilibe gama. Wofuna kuchepetsa gama ayenera kugula maopushoni ena pa sheya yomweyo, zomwe zimamudyera gawo la pulimiyamu imene analandira.