Kuchotsa munthu wosamudziwa pa chithunzi: ntchito ili pa miyala yomwe waponda

Pabwalo la St Peter ku Vatican n'kovuta kujambula chithunzi chopanda anthu odutsa. Tiyerekeze kuti mwawajambula bwino amayi anu atatchena chitenje chawo, tchalitchi chikuoneka kumbuyo, koma chakumanzere kwawo kwaima bambo wina wa jekete lofiira akuyang'ana foni yake. Kumufufuta sikuvuta. Chovuta n'kubwezeretsa zomwe anatchinga, chifukwa pansi pa bwalo limeneli anayalapo timiyala takuda totchedwa sampietrini, tosanjidwa m'mizere, ndipo diso la munthu silichedwa kuona mzere ukaduka.

Chida cha ntchitoyi mu Photoshop ndi Clone Stamp Tool, chomwe chimabwera mukadina S pa kiyibodi. Mu GIMP, pulogalamu yaulere ija, mumadina C. Chidachi chilibe nzeru zakezake: chimakopera mbali ina ya chithunzi n'kuipaka pena, ndendende monga momwe ilili. Mumagwira Alt, kapena Option pa Mac, kapena Ctrl mu GIMP, n'kudina pomwe mukufuna kutapa, kenako n'kumapaka pa munthuyo. Choncho luso lonse lagona pa kusankha potapa. Zili ngati kusoka chigamba pa chitenje chamaluwa: nsalu ingakhale yomweyo, koma maluwa akapanda kukumana aliyense amaona kuti panang'ambika.

Musanayambe, tsegulani leya yatsopano yopanda kanthu podina Ctrl+Shift+N, ndipo pamwamba pomwe palembedwa Sample musankhe Current & Below. Mukatero, zomwe mukupaka zimakhala pazokha, chithunzi chenicheni osachikhudza, ndipo pomwe palakwika mumangofufuta. Muchongenso Aligned, kuti malo otapa aziyenda limodzi ndi dzanja lanu m'malo mobwerera pamwala umodzimodzi nthawi iliyonse mukasiya kudina.

Anthu ambiri amalakwitsa posankha malo otapa. Amaona pansi pa chithunzi, pafupi ndi kamera, pali miyala yambiri yopanda munthu, n'kukatapa kumeneko. Koma miyala yapafupi imaoneka ikuluikulu, yakutali ing'onoing'ono. Tinene kuti chithunzi chathu ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo bambo uja ndi wamtali mapikiselo 600. Pamapazi pake mwala umodzi ungakhale mapikiselo 40, pomwe miyala yoonekera kuseri kwa mapewa ake, yomwe ili kutali, ingakhale 15 okha. Mukatapa yapamapazi n'kukapaka pamapewa, pamatuluka miyala ikuluikulu pakati pa ing'onoing'ono, ndipo ngakhale mwana aona kuti pachitika zachilendo. N'chifukwa chake muzitapa cham'mbali, kumanja kapena kumanzere kwa munthuyo, pamzere womwewo womwe mukupakapo. Miyala yomwe yatalikirana mofanana ndi kamera imafanana kukula, imaoneka bwino mofanana, ndiponso kawirikawiri dzuwa limaiwomba mofanana.

Ndiye kuti ntchitoyi imayenda mzere ndi mzere. Yambani kumapazi. Potapa, musadine pakati pa mwala; dinani pamphambano pomwe miyala yakumana. Photoshop imaonetsa m'kati mwa burashi zomwe mwatapazo musanapake, choncho yendetsani mausi mpaka mpata wa pakati pa miyala ulunjikane ndi mpata womwe ukulowa pansi pa nsapato ya bamboyo, kenako dinani. Pakani kuchokera m'mphepete kulowa m'kati. Mukafika pakati pa thupi, imani, mukatape mbali inayo kuti mizere iwiriyo ikumane pakati. Mukamakwera chakumutu, muzitapa mwatsopano pakatha mizere iwiri kapena itatu, uku mukuchepetsa burashi ndi batani la [ kuti izingokwana miyala iwiri: pafupifupi mapikiselo 80 kumapazi, 30 kumapewa.

Za kufewa kwa burashi, ine sindigwirizana ndi malangizo ofala akuti izikhala yofewa kwambiri. Pa mitambo kapena pa khungu inde, koma pa miyala, mchenga kapena udzu burashi yofewa imasakaniza miyala iwiri yosiyana m'mphepete mwake, n'kusiya chizimezime chozungulira pomwe panali munthu. Hardness ikhale pakati pa 50 ndi 70 peresenti, ndipo Opacity ikhale 100. Kupaka mopepuka mobwerezabwereza kumapha timabowo ndi timing'alu ta pamwala, malowo n'kuoneka ngati pathiridwa phala.

Mukamaliza thupi, musaiwale chithunzithunzi chake. Munthu atha kuchoka bwinobwino koma mdima wake n'kutsala utagona pamiyala wopanda mwini. Uchotseni ndi miyala yomwe ili padzuwa, ndipo musamale kuti musatape m'chithunzithunzi cha munthu wina. Pabwaloli palinso mizere ya miyala yoyera yomwe imachokera pachipilala chapakati. Mzere woterewu ukadutsa kuseri kwa bamboyo, yambani ndi umenewo, chifukwa ukapindika pang'ono pokha umaonekera patali. Popeza umayenda mopendekeka, tapani m'mphepete mwake mwenimweni pafupi ndi pomwe wadukira, n'kumautalikitsa pang'onopang'ono. Ngati cham'mbali mulibe miyala yokwanira chifukwa cha khamu la anthu, tsegulani Window > Clone Source. Mmenemo muli W ndi H, zomwe zimachepetsa zomwe mwatapazo. Miyala ya mapikiselo 40 mukaiika pa 75 peresenti imatsika kufika 30.

Chomwe chimaulula ntchito yotere nthawi zambiri ndi kubwereza. Mwala wina umakhala ndi banga loyera, pena pagwa chitsekerero cha botolo, ndipo mukatapa pafupi kwambiri bangalo limaoneka kawiri kapena katatu, motalikirana mofanana. Zimenezi zinagwetsapo ngakhale wojambula wantchito. Mu Ogasiti 2006, bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linasiya kugwira ntchito ndi Adnan Hajj anthu ataona kuti utsi wa pa chithunzi chake cha mzinda wa Beirut unali ndi maonekedwe obwerezabwereza. Iye anaphwanya lamulo la atolankhani loletsa kuwonjezera kapena kuchotsa zinthu pa chithunzi cha nkhani. Chanu chokapachika pabalaza lamulolo silichikhudza. Koma maso omwe anagwira utsi uja ndi omwewo omwe adzaone chithunzi cha amayi anu. Dinani Ctrl+1 kuti muone miyalayo pakukula kwake kwenikweni, kenako Ctrl+0 kuti muone chithunzi chonse, chifukwa kubwereza kumaoneka bwino chithunzi chikachepa. Banga lililonse lomwe lapezeka kawiri, liphimbeni ndi burashi yaing'ono potapa mwala wopanda chizindikiro. Ngati malo okonzedwawo awala kapena ada pang'ono kuposa oyandikana nawo, Healing Brush imathandiza kufananitsa kuwala, bola musaiyandikitse ku chitenje cha amayi chifukwa imakoka mtundu wa nsaluyo n'kuupaka pamiyala.

Pali pomwe chidachi chimalephera. Bambo uja akanakhala kuti watchinga mkono wa amayi, sipakanapezeka potapa mkono wina, ndipo khamu likadzaza bwalo lonse miyala yotapa imasowa. Mankhwala ake ndi a pamalo pomwepo pojambula. Imani pamodzi osasuntha, mujambule zithunzi zinayi kapena zisanu motsatizana, anthu akuyenda. Pomwe patchingidwa pa chithunzi choyamba pamakhala poyera pa chachitatu, ndipo Clone Stamp Tool imalola kutapa pa chithunzi china n'kupaka pa chinzake, miyala yake n'kukhala yeniyeni ya pamalopo.