Aliyense Akhale ndi Dzina Lake pa Netflix

Netflix, yomwe idayamba kupezeka m'Malawi muno mu 2016, imalola maina 5 pa akaunti imodzi. Banja lonse likamaonera pa dzina limodzi, zinthu zimasokonezeka: kanema amene mayi adalekezera pakati amapezeka atatha, ndipo ana amakumana ndi makanema a akuluakulu.

Tiyerekeze banja la ku Zalewa m'boma la Neno: bambo, mayi ndi ana awiri. Bambo atsegule Manage Profiles, asankhe Add Profile, alembe dzina la mayi ndi kusunga. Achite chimodzimodzi kwa mwana aliyense, koma achonge posonyeza kuti ndi mwana, kuti azingoona zoyenera msinkhu wake. Tsopano aliyense ali ndi My List yakeyake, mosungira zimene akufuna kudzaonera.

Makolo, tsekani maina anu ndi nambala yachinsinsi ya manambala 4 pa Profile Lock, apo ayi mwana adzangolowa pa dzina lanu.

Dziwaninso kuti maina sachulukitsa oonera nthawi imodzi, pakuti zimenezo zimatengera ndalama zimene mumalipira pamwezi. Ndipo mukafufuta dzina, mndandanda wake umatayika.